Giya itatuluka ngati dzira: kasamalidwe ka pulinta ya 3D m'fumbi la ku Kaliyeka

Mphwanga ali Fomu 3. Mwezi wa Sepitembala anabwera kunyumba kwathu ku Kaliyeka ndi kagiya ka pulasitiki m'manja, nkhope ili gwa. Iye ndi anzake ankapanga kachitsanzo ka makina opopa madzi oyendera mphepo koti akaonetse pa chionetsero cha sayansi kusukulu kwawo, ndipo magiya awiri a makinawo ndinawasindikizira ine pa pulinta yanga ya 3D. "Ankolo, giya yanuyi ikukana. Ikazungulira kamodzi ikumagwira kawiri." Kunali kutatsala masiku asanu ndi limodzi, ndipo ulusi wa pulasitiki unali utatsala wochepa pa gudumu lake. Ulusiwu sugulidwa pa okala ngati sopo. Ukatha, kapena kachitsulo kena kakawonongeka, umadikira masabata kuti zichokere kunja.

Titayeza giyayo ndi veniya, ija mumayezera kukula kwa waya mu labu ya Fizikisi, mbali imodzi inali mamilimita 40.0 ndipo mbali yopingasa inali 39.6. Giyayo inali dzira. Chojambula cha pa kompyuta chinali chozungulira bwinobwino, ndiye wolakwa anali makina, kapena tinene zoona, mwini makina amene anatha miyezi osawayang'ana.

Kwa amene simunaionepo, pulinta yotereyi imasungunula ulusi wa pulasitiki ndi kuutulutsira pa kabowo kakang'ono kotchedwa nozo, n'kumayala mzere pamwamba pa mzere unzake monga mmisiri amayalira njerwa. Mzere uliwonse wotere timautcha leya. Njirayi anaiyambitsa ndi Scott Crump wa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo inatchipa pambuyo pa ntchito ya RepRap yomwe Adrian Bowyer anayamba ku yunivesite ya Bath mu 2005. Kuno kwathu makinawa mungawapeze m'malo ngati situdiyo yopangira zida ya ku MUBAS ku Blantyre, yomwe kale inali Polytechnic, komanso kwa anthu ochepa amene anagula awoawo. Yanga ndi Ender 3, mtundu wotsika mtengo womwe kampani ya Creality inatulutsa mu 2018. Zomwe ndifotokoze zikugwira pa mapulinta ambiri a mtunduwu.

Makina amalemba matenda awo

Pulinta ili ndi njira zitatu zoyendera. Mutu wonyamula nozo umayenda kumanzere ndi kumanja, ndiyo X. Bedi, lomwe ndi mbale imene chinthu chimamangidwapo, limayenda kutsogolo ndi kumbuyo, ndiyo Y. Kukwera m'mwamba ndiyo Z. Njira ya X ndi ya Y zimakokedwa ndi malamba a mano, pomwe Z imakwezedwa ndi ndodo yachitsulo ya mazinga ngati bawuti lalitali. Zonsezi zimatsetsereka pa timawilo ta pulasitiki yolimba toyenda m'ngalande za mafelemu a aluminiyamu.

Chosangalatsa n'chakuti chilichonse chozungulira chikadwala, chimasiya chizindikiro chake mobwerezabwereza pa mtunda wofanana. Mano a lamba atalikirana mamilimita 2. Ndodo ya mazinga ikazungulira kamodzi imakweza mutu mamilimita 8. Wilo likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi masentimita 7. Ndiye mukaona mizere yotupa m'mbali mwa chinthu chanu, musathamangire sipanala. Tengani rula. Ngati mizereyo ikubwera pa mamilimita 8 aliwonse pokwera m'mwamba, wolakwa ndi ndodo ya mazinga: yapindika, yauma, kapena sinalunjike ndi mota yake. Ngati pokankha bedi ndi dzanja mukumva kakugunda pa masentimita 7 aliwonse, wilo lina laphwatalala mbali imodzi kapena lamatidwa ndi chinyalala.

Giya ya mphwanga inalibe mizere yobwerezabwereza. Inangochepa mbali imodzi, ya Y. Chimenecho ndi chizindikiro cha kulekerera, ndiye kuti china chake chakhwepa panjira ya bedi. Koma sitinayambe ndi lamba ayi. Tinayamba ndi mawilo, chifukwa kukunga lamba pa bedi logwedera n'chimodzimodzi kukunga tcheni cha njinga ya kabaza pomwe nati ya tayala lakumbuyo ili yomasuka.

Mawilo

Tinazimitsa makina n'kuyamba kukankha bedi ndi dzanja, pang'onopang'ono. Ndikuti pang'onopang'ono chifukwa mota ikazunguzidwa ndi dzanja imasanduka jenereta. Mukakankha mwachangu mudzaona sikirini ikuyaka pomwe pulagi ili yozula, ndipo magetsi amenewo akubwerera ku bolodi ya makina, zomwe sizabwino. Paja munaphunzira za koyilo ndi maginito, ndi zomwezo basi.

Ndinauza mphwanga agwire ngodya ya bedi n'kuyesa kuigwedeza. Linagwedera pang'ono, kachiphokoso ka "ke ke". Titasuzumira pansi ndi tochi ya pafoni tinaona mawilo anayi, onse atavala ufa wakuda wosakanikirana ndi fumbi lofiira lija la mumsewu. Ufa wakudawo ndi wilo lenilenilo likuperesedwa. Fumbi la kuno si ufa wofewa ngati wa m'chigayo. Muli timchenga tolimba kuposa pulasitiki ya wilo, ndiye likalowa m'ngalande, wilo limakhala ngati likuyenda pa sandipepa.

Mawilo safuna mafuta. Ichi ndichibwereze, chifukwa ine ndinalakwitsapo pomwe ndinangogula kumene makinawa: ndinapaka girisi m'ngalande zonse poganiza kuti chilichonse choyenda chimafuna girisi. Patatha sabata ziwiri ngalandezo zinali phala lakuda lomata. Wilo limagudubuzika, silikhuluzika, ndipo belingi yake ili m'kati, yotsekedwa kale ndi girisi wakewake. Chomwe limafuna ndi ukhondo. Tengani mswachi wakale ndi kansalu kosathothoka ubweya, munyowetse pang'ono ndi sipiriti, mupukute ngalande ndi wilo lililonse mukulizunguza.

Mukatero ndiye mumange. Mbali imodzi mawilo amakhala pa timachubu wamba, koma mbali inayo amakhala pa nati ya makona asanu ndi imodzi yomwe bowo lake silili pakati. Mukaizunguza, wilo limasendera pafupi ndi felemu kapena kutalikira. Sipanala yake imabwera limodzi ndi makina. Zunguzani pang'ono kwambiri, kenaka yesani. Muyeso wake ndi uwu: gwirani bedi ndi dzanja limodzi kuti lisayende, ndipo ndi zala za dzanja linalo yesani kuzunguza wilo. Likazungulira lokha ngati lili m'malere, lakhwepa. Likakaniratu, mwamanga mopyola. Lizitheka kuzungulira koma movutikira, ndipo bedi lisagwedere.

Anthu ambiri amalakwira kumbali yomangitsa, poganiza kuti cholimba ndiye chabwino. Pulasitiki ikapanikizidwa malo amodzi kwa nthawi yaitali imaphwatalala, makamaka makina akakhala osagwira ntchito m'chipinda cha malata mu Okutobala. Kugunda kwa pa masentimita 7 kuja kumachokera pamenepo. Nthawi zina kumatha mukamasula nati n'kuyendetsa makina maola angapo, koma wilo likadyeka ndithu, mankhwala ake n'kusintha.

Lamba, ndi Fizikisi ya gitala

Bedi litasiya kugwedera tinafika pa lamba. Kuti mumvetse chifukwa chake lamba wokhwepa amabala dzira, muyenera kudziwa kuti pulinta yotereyi ilibe maso. Siidziwa pomwe bedi lili. Imangowerenga masitepe a mota n'kukhulupirira kuti bedi latsatira.

Tiwerengere limodzi. Pa mota pali kawilo ka mano 20, ndipo mano a lamba atalikirana mamilimita 2, ndiye mota ikazungulira kamodzi lamba amayenda mamilimita 40. Mota imamaliza kuzungulira kumodzi ndi masitepe 200, ndipo bolodi imagawa sitepe iliyonse m'tizigawo 16, zomwe zikupereka timasitepe 3,200. Gawani 3,200 ndi 40, mupeza timasitepe 80 pa milimita imodzi. Mukalumikiza pulinta ku kompyuta n'kutumiza lamulo la M503, pakati pa zomwe ingayankhe mudzaona mzere wonga uwu:

```
M92 X80.00 Y80.00 Z400.00 E93.00
```

Tsono lamba akakhwepa, nthawi iliyonse yomwe bedi likutembenuka kuti libwerere, mota imayamba yakoka kaye kukhwepako bedi lisanasunthe. Pa giya yathu panasowa mamilimita 0.4, omwe ndi timasitepe 32 tomwe mota inayenda bedi lili chiimire. Pojambula chozungulira, bedi limatembenuka kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye malo awiri amenewo ndi omwe anaphwatalala. N'chifukwa chake giya inkagwira kawiri pa kuzungulira kumodzi.

Mphwanga ndi wochenjera pa Masamu, ndiye anafunsa msanga: "Bwanji osangosintha 80 uja akhale 81, Ankolo?" Funso labwino, koma yankho ndi ayi. Kukhwepa kumadya mamilimita 0.4 omwewo kaya chinthu n'chachikulu kaya n'chaching'ono. Mukasintha nambala, giya ya mamilimita 40 ioneka ngati yachira, koma chinthu cha mamilimita 150 chidzatalika mopyola. Nambala 80 inachokera ku mano a lamba ndi a kawilo, ndipo manowo sanasinthe.

Musanakunge lamba, yang'anani kawilo ka pa mota. Pa mapulinta ambiri kamagwiridwa ndi timabawuti ting'onoting'ono topanda mutu, ndipo kamodzi kayenera kutsamira pa mbali yophwatalala ya shafiti ya mota. Tikamasuka, shafiti imazungulira kawilo katatsalira, ndipo zotsatira zake zimafanana ndi za lamba wokhwepa, kapena chinthu chonse chimasendera mbali kuchokera pa leya ina ngati masitepe a pakhonde. Lembani kamzere ndi maka kodutsa pa shafiti ndi pa kawilo. Tsiku lina mukadzapeza kamzereko kataduka pawiri, mwamugwira wakuba.

Kukunga kwake n'kosavuta. Pa Ender 3 yoyamba ija mumamasula mabawuti a kachitsulo konyamula kawilo ka kumapeto, n'kukakankhira kunja ndi kiyi wa aleni ngati chopanira, kenaka n'kumanganso mukadagwira. Pa mitundu yatsopano anaikapo kachopotokola ka pulasitiki. Chovuta n'kudziwa polekera. Lamba wokungika mopyola amakoka shafiti ya mota ndi kupha mabelingi, ndipo mota imatentha ndi kulira modandaula.

Apa ndiye pomwe ndimakonda. Lamba wokungika ndi nsambo, ngati ya gitala kapena ya bangwe. Mukamukhwatcha ndi chala amalira, ndipo kulira kwake kumadalira zinthu zitatu: kutalika kwake, kulemera kwake, ndi mphamvu yomukoka.

```
T = 4 × m × L² × f²
```

Apa T ndi mphamvu yokoka mu manyutoni, m ndi kulemera kwa mita imodzi ya lamba mu makilogalamu, L ndi kutalika kwa gawo lomwe likunjenjemera mu mamita, ndipo f ndi kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi. Lamba wa GT2 wa mamilimita 6 m'lifupi amalemera pafupifupi magalamu 8 pa mita. Anthu opanga mapulinta a Voron amalangiza kuti gawo la mamilimita 150 lizinjenjemera ka 110 pa sekondi. Ikani manambalawo: 4 × 0.008 × 0.15² × 110², mupeza manyutoni pafupifupi 9, omwe ndi ochepera pang'ono kulemera kwa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Muyeso umenewu anaupangira makina awo, koma pa lamba wa mtundu womwewo ndi poyambira pabwino.

Ndipo kunjenjemera ka 110 pa sekondi ndiko kulira kwa nsambo yachisanu ya gitala, ya A, mukaikhwatcha osaidina. Ndiye tinasuntha bedi mpaka gawo la lamba lopanda chomukhudza litakwana masentimita 15, tinatsegula pulogalamu yochunira gitala pafoni, n'kukhwatcha. Poyamba foni sinamve kanthu, lamba ankangoti "phwa". Titakunga kawiri, analira mawu okhuthala omveka, pafupi ndi A. Ngati mulibe foni, khutu likwanira: lamba azilira, asamangokupiza.

Ndodo ndi mafuta ake

Ndodo zilipo za mitundu iwiri. Ya mazinga ija ili pa pafupifupi pulinta iliyonse. Mapulinta ena, monga Prusa i3, alibe mawilo, m'malo mwake mutu ndi bedi zimatsetsereka pa ndodo zosalala zonyezimira kudzera m'mabelingi okhala ndi timipira tachitsulo. Zonse ziwiri zimafuna mafuta, chifukwa apa chitsulo chikukhudzana ndi chitsulo.

Lamulo lake ndi limodzi: pukutani kaye, pakani pang'ono. Mafuta atsopano pamwamba pa akale odzaza fumbi amapanga phala lofanana ndi lomwe amakanika a ku Biwi amaperesera mavavu a injini. Iwo amalifuna phalalo kuti lidye chitsulo, inu simukulifuna. Pa ndodo ya mazinga, kulungani kansalu konyowa ndi sipiriti, dinani chikhadabo m'ngalande ya mazinga, n'kumazunguza ndodo ndi dzanja kuti kansalu katsike nayo. Bwerezani mpaka kansalu kasiye kuda. Kenaka pakani girisi woyera wa lifiyamu, wochuluka ngati njere ya mpunga, m'malo atatu kapena anayi, ndipo yendetsani mutu kukwera ndi kutsika kawiri konse. Wotsala wowunjikana pa nati ya buraasi mumupukute. Ndodo izioneka yonyezimira, osati yopakidwa ngati buledi wa majarini.

Pa ndodo zosalala, madontho awiri a oyilo wa makina osokera pa ndodo iliyonse amathandiza, ndipo oyiloyu telala aliyense wa pakhonde angakuuzeni kogula. Mukaona mikwingwirima yoyenda m'litali mwa ndodo, ndiye kuti timipira ta m'belingi tasiya kugudubuzika, tikukanda. Apo oyilo wapamwamba sakwanira, belingi iyenera kuchotsedwa, kutsukidwa ndi kuthiridwa girisi m'kati, kapena kusinthidwa.

Mafuta ophikira ayi. Akakhalitsa pa mpweya amauma n'kukhala ulimbo, ngati zija zimamata kunja kwa botolo la kukhitchini. Oyilo wakuda wochokera mu injini ayinso, ali kale ndi zinyenyeswa zachitsulo. Mankhwala opopera omasulira mabawuti a dzimbiri amatsuka bwino, koma ndi opepuka ndipo sakhalitsa, choncho salowa m'malo mwa girisi. Ndipo dontho lisagwere pa lamba kapena pa bedi, chifukwa pa bedi la mafuta pulasitiki siimata.

Nozo

Gudumu la kilogalamu imodzi la ulusi wa PLA wa mamilimita 1.75 limakhala ndi ulusi wotalika mamita oposa 300. Wonsewo uyenera kudutsa pa kabowo ka mamilimita 0.4, pamodzi ndi fumbi lililonse lomwe unatola uli pa gudumu. Pulasitiki imasungunuka, mchenga susungunuka. Zizindikiro za nozo yoyamba kutsekeka ndi izi: mota yokankha ulusi imalira "tha, tha, tha" ikubwerera m'mbuyo, makoma a chinthu amatuluka a mabowo ngati siponji, ndipo mukatulutsa pulasitiki m'malere, m'malo motsika molunjika imapindikira m'mwamba n'kumata pa nozo.

Kunja kwa nozo mumapukuta ili yotentha, ndi burashi ya waya wa buraasi. Apa samalani kwambiri. Madigiri 200 ndi kutentha kopitirira patali kwa madzi owira, ndipo chitsulocho sichisintha mtundu kuti chikuchenjezeni. Burashi isakhudze mawaya a chotenthetsera chifukwa ingathe kuwagunditsa n'kupsereza bolodi. Ngati ndinu oyamba, pakhale wamkulu pafupi.

Za m'kati timazichotsa ndi ulusi womwewo. Tenthetsani nozo kufika madigiri 210, kankhani ulusi ndi dzanja mpaka wina atuluke, kenaka isiyeni izizire kufika pafupifupi madigiri 90. Pa kutentha kumeneku PLA siili yamadzi koma siinaumenso gwa, ili ngati chingamu, ndiye imagwira zinyalala zonse. Kokani ulusi mwamphamvu kamodzi. Nsonga yake ituluka ndi maonekedwe a m'kati mwa nozo, ili ndi timadontho takuda. Dulani, bwerezani, mpaka nsonga ituluke yoyera. Mukakoka kukadali kotentha kwambiri ulusi umangotanuka ngati utomoni osatenga kanthu, mukachedwa umakana kutuluka. Ife tinakoka katatu. Kasingano kaja kamabwera ndi makina kamangokankhira chinyalala m'mwamba, sikachichotsa, ndiye muzikagwiritsa ntchito musanakoke.

Kupewa n'kotchipa kuposa zonsezi. Dulani kachidutswa ka siponji yotsukira mbale, kaboleni, ulusi uzidutsamo usanalowe m'makina, n'kukapana ndi pegi ya zovala. Pakatha sabata kayang'aneni mtundu wake.

Pali vuto lina lomwe mabuku a makinawa sakamba kwenikweni koma ife timakumana nalo: kuzima kwa magetsi. Pamwamba pa nozo pali kafani komwe ntchito yake n'kuziziritsa njira ya ulusi kuti pulasitiki isungunukire pansi pokha. Magetsi akazima nozo ili pa madigiri 200, fani imaima koma kutentha kukadalipo, ndiye kumakwera m'mwamba, kumafewetsa ulusi pamalo osayenera, ulusiwo n'kutupa n'kuuma momwemo. Magetsi akabwera, musangodina kuti ipitirize. Tenthetsani kaye, yesani kukankha ulusi ndi dzanja, ndipo ukakana uzuleni n'kudula nsonga yotupayo. Pa chifukwa chomwechi, mukamaliza ntchito musazule pulagi nozo isanazizire kufika cha m'ma 50.

Liti, ndipo kangati

Malangizo ambiri omwe mungawerenge analembedwa ndi anthu okhala m'nyumba za siling'i ndi mawindo otseka, kunja kuli kapinga ndi tala. Kuno galimoto imodzi ikadutsa mu Ogasiti, tebulo lomwe munapukuta m'mawa mukhoza kulembapo dzina ndi chala. Ndiye ndondomeko yanga ndinaipanga kuchokera pa zomwe ndimaona pa kansalu, ndipo ndimawerenga maola omwe makina agwira ntchito, osati masiku okha. Ndili ndi kope pafupi ndi pulinta momwe ndimalemba tsiku, chomwe ndasindikiza, maola ake, ndi chomwe ndakonza.

Ndisanasindikize chilichonse ndimachita za mphindi imodzi: kupukuta bedi ndi sipiriti, kuchotsa pulasitiki yolendewera pa nozo, ndi kuyang'ana leya yoyamba mpaka ithe. Pakatha maola 20 mpaka 30, omwe kwa ine ndi sabata imodzi, ndimatsuka ngalande ndi mawilo, kugwedeza bedi ndi mutu kuti ndimve ngati zakhwepa, kukhwatcha malamba, ndi kupemerera fumbi pa mafani. Dziwani kuti kukhwatcha si kukunga. Lamba akalira bwino musiyeni. Makina ambiri amawonongeka ndi eni ake okonda kugwiragwira zomwe zili bwino kale.

Pa maola 100 aliwonse ndimapukuta ndodo ndi kupaka mafuta atsopano, kuyang'ana kamzere ka maka kaja, ndi kutsuka mano a kagiya kokankha ulusi. Kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba, nthawi imeneyi ndimaidula pakati, makamaka Sepitembala ndi Okutobala akamvuluvulu akamayenda m'misewu. Kutsuka m'kati mwa nozo ndimachita ndikaona chizindikiro kapena ndikasintha mtundu wa ulusi. Miyezi itatu iliyonse ndimayendera mabawuti onse a felemu ndi kuyang'ana mawaya, makamaka a bedi omwe amapindika nthawi zonse. Waya wosintha mtundu kapena wonunkha kupsa si wodikira tsiku lake m'kope, zimitsani pomwepo.

Dzinja limabwera ndi zakezake. Fumbi limachepa koma chinyontho chimachuluka, ndodo zouma zimayamba dzimbiri, ndipo ulusi umamwa madzi a mumpweya. Ulusi wotero umathetheka pa nozo chifukwa madziwo akuwira, ndipo umathyoka msanga. Usungeni m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi touma tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Ndipo nyengo iliyonse, makina akazizira, afunditseni chitenje kapena katoni yaikulu. Mwa zonse zomwe ndatchula, chitenjecho ndi chomwe chinachepetsa ntchito yanga kwambiri.

Tsiku lija tinatha maola awiri. Tisanawononge ulusi pa giya, tinasindikiza kaye kabokosi koyesera ka mamilimita 20 mbali zonse, komwe kamadya magalamu ochepa chabe. Veniya inati X ndi 20.0, Y ndi 19.95. Giya yatsopano inatenga ola limodzi ndi theka, ndipo mphwanga anaizunguza ndi chala pa shafiti yake kakhumi konse akumvetsera ngati igwire. Ulusi womwe unatsala unakwanira giya imodzi yapadera, yomwe anaiika m'thumba la yunifomu kuopa ngozi panjira. Kope lija analemba ndi iyeyo: tsiku, maola, ndi mawu akuti lamba wa Y analira A.